SIKELO YOPEPUTSA KATUNDU IDYA PHINDU LA MWINI SITOLO

Abale anga a ku migodi, ambiri a inu muli kusunga ndalama mwezi ndi mwezi kuti tsiku limene mudzatsanzike ntchito ya pansi mudzatsegule kasitolo kapena butchala. Ena mwatsegula kale, ndipo mwasiyamo akazi anu kapena mng'ono wanu kuti azigulitsa inu muli ku ntchito. Lero ndifuna kukuuzani za mbala imodzi imene ikhala pa tebulo penipeni pa sitolo, imene sithyola chitseko ndipo galu saiuwa. Mbala imeneyi ndiyo sikelo imene ionetsa kulemera kochepa kusiyana ndi kulemera kwenikweni kwa katundu.

Tonse tidziwa kudandaula kwa wogula pamene wamalonda am'bera pa sikelo. Koma sikelo ingathe kunama mbali ziwiri. Ikanena kuti katundu ndi wolemera pamene ali wopepuka, wolira ndi wogula, ndipo iye sachedwa kupanga phokoso. Ikanena kuti katundu ndi wopepuka pamene ali wolemera, wolira ndi wogulitsa, ndipo palibe wogula ndi mmodzi yemwe amene adzabwera kudzamuuza.

KUMENE NDINAZIONA

Ine ndinabadwira m'komboni ya pa pulazi ya fodya m'dziko la Mashonaland. Agogo anga anachokera ku Dedza pa nthawi ya Mthandizi, kampani ija yolemba anthu ntchito imene inayamba mu 1946, ndipo anakhala mchona kufikira imfa yawo. Ndinagwira ukalaliki m'masitolo a m'mapulazi zaka zambiri, cha ku Bindura, Glendale ndi Concession, ndipo ntchito yanga inali kusunga mabuku a katundu wolowa ndi wotuluka.

Kale sitolo ya pa pulazi inali ya mwini pulazi. Kuyambira mu 2000, pamene mapulazi ambiri anagawidwa, masitolo ambiri otere anatsekedwa, ndipo malonda anagwera m'manja mwa anthu wamba: ana a machona, amayi a m'makomboni, ndi amuna opuma ntchito ku migodi ya golide ya ku Shamva ndi ku Bindura. Anthu awa mpamba wawo ndi wochepa, ndipo ambiri agula sikelo yogwirapo kale ntchito chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Apa mpamene vuto liyambira.

NKHANI YA BUTCHALA INA

Mnzanga wina, amene sinditchula dzina lake, anagwira ntchito ya mgodi zaka zambiri, natsegula butchala yaing'ono pafupi ndi mapulazi a ku Glendale. Iye anapitiriza ntchito yake, ndipo akazi ake ndiwo anali kugulitsa. Nyama anali kuipikula yosendasenda, pa mtengo wa madola 4 kilo imodzi, naigulitsa madola 5. Tsiku lililonse munali kutuluka nyama ya makilo 20.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Makilo 20 anawagula madola 80. Akagulitsa onse, m'bokosi muyenera kukhala madola 100, ndiye kuti phindu la tsiku ndi madola 20. Koma madzulo aliwonse nyama inali itatha, ndipo m'bokosi munali madola 95 okha.

Mwamuna pobwera Loweruka anayamba kulankhula mawu olasa. Anayamba ndi mnyamata wodula nyama, namuchotsa ntchito. Ndalama zinaperewerabe. Kenaka anatembenukira kwa akazi ake. Pamene anandiitana kuti ndione mabuku, m'nyumbamo munali mutazizira ngati pa maliro. Mayiyo anandiuza kuti, “Alamu, ine ndimalemba nyama iliyonse imene yatuluka. Onani buku, werengani ndalama. Ngati mupeza kuti ndatengapo ngakhale senti imodzi, ndipite kwathu lero lomwe.”

Ndinawerenga, ndipo buku ndi ndalama zinagwirizana. Buku linati makilo 19 agulitsidwa, ndipo ndalama za makilo 19 zinalipo zonse. Imene inasowa ndi kilo imodzi ya nyama, tsiku ndi tsiku. Pamenepo ndinatuma mwana kukabwereka mapaketi asanu a shuga osatsegula, a makilo 2 lililonse. Nditaika paketi imodzi pa sikelo, muvi unaima pa kilo imodzi ndi magalamu 900. Nditaika onse asanu, amene ndi makilo 10, muvi unaima pa makilo 9 ndi theka.

Sikeloyo inali kudya magalamu 50 pa kilo iliyonse. Wogula akafuna kilo imodzi, mayiyo anali kuwonjezera nyama kufikira muvi utafika pa 1, ndipo pofika pamenepo pa mbale panali kilo imodzi ndi magalamu oposa 50. Munthu aliyense anali kupita ndi basela imene mwini wake sanaidziwe. Chifukwa chake chinapezeka pambuyo pake: sipuling'i ya sikeloyo inathyoka kale kwa mwini wake woyamba, ndipo mmisiri wina anaikamo ina yolimba kuposa yoyenera. Sipuling'i yolimba sitamuka mokwanira, motero muvi utsalira m'mbuyo.

KUTAYA KWAKE NKOTANI?

Munthu akamva za magalamu 50 aseka, nati, kanthu kanyama kosakwana ndi ndiwo ya mwana. Koma taonani. Kilo imodzi pa tsiku ndi madola 5. Pa masiku 26 ogulitsa m'mwezi ndi madola 130. Pa chaka ndi madola 1,560. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsono mfundo imene ndifuna muigwiritse ndi iyi: musayerekeze chotayikacho ndi ndalama zonse za m'bokosi, koma ndi phindu lanu. Madola 5 pa madola 100 aoneka ochepa. Koma madola 80 mwa amenewo si anu, ndi a munthu amene anakugulitsani nyama, ndipo iye alandira zake zonse, sikelo yanu iname kapena isaname. Anu ndi madola 20 aja. Chotayika chonse chichotsedwa pamenepo, ndipo mutsala ndi madola 15. Ndiye kuti sikelo yolakwa ndi gawo limodzi mwa magawo 20 inadya gawo limodzi mwa magawo anayi a phindu. Pa masiku anayi aliwonse, banjalo linagwira ntchito tsiku limodzi kwaulere.

Phindu likakhala lochepa, kuluma kwake kukula. Wogulitsa ufa kapena shuga, amene apikula kilo pa masenti 90 nagulitsa dola imodzi, phindu lake ndi masenti 10 pa kilo. Sikelo yonga ya mnzangayo im'dyera masenti 5, ndilo theka la phindu lake lonse.

Dziwaninso kuti sikelo yotere idya kwambiri pa tsiku limene malonda ayenda bwino. Pa kutha kwa mwezi, antchito a m'mapulazi atalandira, kapena m'miyezi imene alimi agulitsa fodya ku Harare ndipo ndalama zachuluka m'manja, katundu atuluka kawiri kuposa masiku onse, ndipo chotayikanso chikhala kawiri. Mwini sitolo akondwa poona anthu ali pa mzere, osadziwa kuti ena abwera chifukwa amva kuti kilo ya pano ndi yaikulu.

KUNAMA KWA MTUNDU WACHIWIRI

Kunama kumene ndafotokozaku kumakula pamodzi ndi katundu: katundu wambiri, kuperewera kwambiri. Koma kulinso kunama kwina kumene sikusintha, ndiko kwa muvi umene uyambira kumbuyo kwa 0 pamene pa mbale palibe kanthu. Muvi wotere uyamba wabweza ngongole yake usanayambe kuwerenga. Ngati watsalira ndi magalamu 20, udzadya magalamu 20 pa kuyesa kulikonse, kaya muyesa thumba la chimanga kaya kamulu ka mchere.

Kwa wogulitsa chimanga cha makilo 50, magalamu 20 si kanthu. Koma taganizani za mayi wogulitsa matemba a ku Kariba m'komboni. Anthu a m'mapulazi agula pang'onopang'ono, za tsiku limenelo basi. Tinene kuti agulitsa magalamu 100 pa dola imodzi. Pa wogula aliyense atulutsa magalamu 120, nalandira ndalama ya magalamu 100. Akayesa ka 60 pa tsiku, ataya kilo imodzi ndi magalamu 200, ndiwo madola 12. Pa matemba asanu ndi limodzi aliwonse otuluka, limodzi lipita laulere.

Motero pa kunama kwa mtundu uwu musawerenge makilo, werengani kuti mwayesa kangati. Wogulitsa tinthu tating'ono ta mtengo wokwera kwa anthu ambiri ndiye apweteka koposa.

CHIMENE CHIPEPUTSA SIKELO

Pa sikelo ya muvi ndi mbale, zimene ndinaziona kawirikawiri ndi izi. Mafuta a nyama, magazi ouma, ufa ndi dzimbiri zilowa m'kati ndi kugwira mano a mawilo oyendetsa muvi, kotero kuti muvi uima usanafike pamalo pake. Fupa laling'ono kapena njere ya chimanga ikakhala pansi pa mbale, mbale ikhalira pamenepo, ndipo kulemera kwina kupita ku tebulo. Mbale yake yeniyeni ikatayika ndipo mwaikapo ina yopepuka, muvi uyambira kumbuyo kwa 0. Ana nawonso akonda kupotokola kachitsulo kaja kokonzera muvi.

Pa sikelo ya mbale ziwiri ndi miyala yachitsulo, yang'anani miyalayo. Mwala wopukutika kapena wobenthuka upepuka, ndipo ubera wogula. Koma mwala umene wamatirira mafuta ndi dothi, kapena wapakidwa penti mokhuthala kuti uoneke watsopano, ulemera, ndipo ubera inu. Chimodzimodzi ngati mbale ya ku miyala yalemera kuposa inzake.

Pa sikelo ya magetsi yoonetsa manambala, samalani ndi batani lolembedwa TARE. Ntchito yake ndi kuchotsa kulemera kwa beseni kuti muyese katundu yekha. Mukalidina beseni lili pamwamba, kenaka nkuchotsa beseni ndi kuyesa katundu wa munthu wina m'pepala, sikelo ipitiriza kuchotsa kulemera kwa beseni limene palibe. Beseni la magalamu 200 lidzakudyerani magalamu 200 pa kuyesa kulikonse kufikira mutazindikira. Musanaike katundu, onani kuti pa galasi pali 0, ndipo ngati palibe, chotsani zonse ndi kudina ZERO. Batire likafooka manambala sakhazikika, ndipo sikelo yokhala pa tebulo lopendekeka kapena logwedezeka siikhulupirika.

MUNGAIYESE BWANJI?

Inu a ku migodi mudziwa kuti munthu salowa pamalo asanagogode denga ndi chitsulo, ngakhale dzulo linali lolimba. Sikelo ifuna mwambo womwewo m'mawa uliwonse, ndipo ntchito yake sitenga nthawi yoposa kumwa tiyi.

Poyamba pukutani mbale ndi pansi pake, ndipo onani ngati muvi uli pa 0. Imani kutsogolo kwake penipeni, chifukwa muvi ukauonera chambali uoneka uli pamene suli. Kachiwiri ikani chinthu chimene mudziwa kulemera kwake. Chabwino koposa ndi mwala woyesera wokhala ndi chidindo cha boma. Ngati mulibe, paketi ya shuga yosatsegula ithandiza, pokumbukira kuti pepala lake liwonjezera magalamu ochepa. Lita imodzi ya madzi ilemeranso kilo imodzi, mutachotsa kulemera kwa botolo, koma muyeso wa lita ukhale woona. Kachitatu ikani katundu wolemera, monga mapaketi asanu aja. Potsiriza chotsani zonse ndi kuona ngati muvi wabwerera pa 0.

Kuyesa kawiri kumeneku, kopepuka ndi kolemera, ndiko kukuuzani matenda ake. Ngati paperewera chimodzimodzi pa makilo 2 ndi pa makilo 10, vuto lili pa 0, ndipo mungalikonze nokha ndi kachitsulo kake kapena ndi batani. Ngati kuperewera kukula pamodzi ndi katundu, monga magalamu 100 pa makilo 2 ndi magalamu 500 pa makilo 10, vuto lili m'kati, ndipo pafunika mmisiri wa masikelo. Ngati paketi yomweyo ionetsa china tsopano ndi china mukaiikanso, pali chimene chikugwira m'kati, kaya litsiro kaya dzimbiri.

Mutadziwa kuperewera kwake, chotayika cha pa tsiku muchipeza motere. Pa mtundu woyamba, chulukitsani magalamu operewera pa kilo ndi makilo otuluka pa tsiku. Pa mtundu wachiwiri, chulukitsani magalamu operewera ndi nthawi zimene mwayesa. Chimene mwapezacho chiwerengeni pa mtengo wogulitsira, pakuti ndiyo ndalama imene ikanalowa m'bokosi.

KUSIYANITSA SIKELO NDI MBALA

Ichi ndilembera makamaka inu amene muli kutali ndi sitolo yanu. Musanaloze munthu chala, funsani buku mafunso awiri. Kodi ndalama za m'bokosi zigwirizana ndi zolembedwa m'buku la zogulitsa? Ngati sizigwirizana, dzanja lalowa m'bokosi. Ngati zigwirizana koma katundu ndiye aperewera, funsani lachiwiri: kodi kuperewerako nkofanana sabata ndi sabata? Mbala iba lero zambiri, mawa pang'ono, mkuja osaba. Sikelo ilibe mantha ndiponso ilibe tsiku lopuma, idya gawo lomwelo nthawi zonse.

Zoona, nyama yopachika iuma ndi kupepuka pang'ono, ndipo podula patayika tizidutswa ta mafupa ndi mafuta. Ufa nawo utsalira m'thumba. Zimenezi zilipo pa malonda alionse, ndipo nzimene zibisa sikelo yonama, chifukwa mwini wake angoti nyama yauma. Paketi ya shuga siuma. Iyo ndiyo idzaweruza mlandu.

Palinso msampha wina. Musayese katundu wofika pa sikelo yomweyo imene muikayikira. Mnzanga uja akanayesa makilo ake 20 pa sikelo yake, ikanamuuza kuti ndi 19, ndipo iye akanapita kukakangana ndi womugulitsa nyama, munthu wosalakwa. Kapena akanalemba 19 m'buku, nagulitsa 19, buku nkuoneka loyera pamene ndalama zili kutha.

MUKAMAGULA NDI SIKELO YOMWEYO

Amalonda ambiri a m'mapulazi agulitsanso ndi kugula. Pa nthawi yokolola agula chimanga, nyemba ndi mtedza kwa alimi. Pamenepo sikelo yopeputsa itembenuka, nikhala bwenzi la wamalonda: mlimi abweretsa makilo 50, sikelo niti 47 ndi theka, ndipo makilo awiri ndi theka apita osalipidwa. Wina angati, ndiye bwino, chimene ndataya pogulitsa ndichibweza pogula. Ayi, abale. Amene anakudyerani ndi wina, amene muli kumubera ndi wina. Ndipo alimi salephera kuzindikira, pakuti ambiri adziwa kulemera kwa thumba lawo asanachoke pakhomo.

Lamulo nalonso lilipo. M'dziko la Zimbabwe masikelo a malonda ali pansi pa lamulo lotchedwa Trade Measures Act, ndipo oyang'anira ake ali mu unduna woona za mafakitale ndi malonda. Iwo ayesa sikelo ndi miyala yawo yoona, naikapo chidindo ikapezeka yolungama. Ku Malawi ntchito yomweyi ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards. Kuchita malonda ndi sikelo yonama ndi mlandu, ndiponso musathyole chidindo kuti mukonze nokha za m'kati. Anthu ambiri aopa oyang'anira amenewa, naganiza kuti abwera kudzateteza wogula yekha. Koma mwala wawo woyesera sukondera. Uulula sikelo yobera wogula, uululanso sikelo yobera mwini wake.

Mnzanga uja anapereka sikelo yake kwa mmisiri wodziwa, nalipira ndalama zosafika zimene inali kumudyera pa mwezi umodzi. Mnyamata amene anachotsedwa ntchito anali atapita kale ku pulazi ina, ndipo sanabwererenso.

Tsono inu amene muli kuwerenga ndalama zanu za mpamba, patulani padera za sikelo yabwino ndi mwala umodzi woyesera wa kilo imodzi, musanagule katundu woyamba. Pogula sikelo yogwirapo kale ntchito, pitani ndi mapaketi anu a shuga, muiyese pamaso pa mwini wake ndalama ikali m'thumba. Ndipo inu amene sitolo yanu ili kale m'manja mwa a kunyumba, potumiza mawu sabata ino musafunse za ndalama zokha. Auzeni aike paketi ya shuga pa sikelo, akuuzeni pamene muvi waima.